Ndine nkhoswe pa ukwati wa mlongo wanga, koma makiyi a sitolo ali ndi ine

Funso: Ndimagwira ntchito pa sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza ku Ulongwe, chaka chachitatu tsopano. Makiyi a nyumba yosungiramo katundu ndi buku lolembamo matumba zili m'manja mwanga. Mlongo wanga akumanga ukwati woyera kwathu ku Domwe Loweruka lomaliza la Okutobala, ndipo nkhoswe ndine. Kumudzi akufuna ndikakhaleko sabata yonse, pomwe kuntchito imeneyo ndiyo nthawi yomwe alimi amadzaza. Anzanga akuti lamulo limapereka masiku 5 a ukwati. Kodi ndi zoona? Nanga ndipemphe bwanji kuti abwana asandione ngati wosasamala ntchito? Vuto lomweli ndimakumana nalonso pa Pasaka.

Yankho: Achimwene, ndiyambe ndi masiku 5 aja, chifukwa mukalowa nawo mu ofesi ya abwana monga mwawamvera, mudzatulukamo ndi manyazi. Masikuwo alipodi. Lamulo la Ntchito la dziko lathu la Mozambiki, lomwe tsopano ndi nambala 13/2023 ndipo linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2024 m'malo mwa lija la 2007, limati wantchito angajombe masiku 5 chifukwa cha ukwati popanda kudulidwa malipiro. Koma ukwati womwe likunena ndi wa wantchito mwini wakeyo. Akanakhala kuti akukwatira ndinu, bwenzi mukungodziwitsa abwana nthawi ikadalipo n'kubweretsa umboni wake. Ukwati wa mlongo suli m'gulu limenelo, ngakhale inu muli nkhoswe, ndipo ngakhale tonse tikudziwa kuti kwathu kuno ukwati wopanda nkhoswe sumangika. Khomo lomwe lamulo lakusiyirani ndi lina: kujomba komwe wolemba ntchito wavomereza yekha kumawerengedwa ngati kujomba kwa chifukwa chomveka. Tanthauzo lake n'lakuti inu mukukapempha, ndipo abwana ali ndi mphamvu yovomera kapena kukana. Izi ndikunena za ogwira ntchito kwa anthu ndi m'makampani monga inu. Antchito a boma ali ndi malamulo awoawo.

Ndakhala zaka zambiri mu ofesi yoona za antchito mumzinda wa Tete, ndipo makalata opempha tchuthi omwe adutsa pa tebulo langa ndi ochuluka. Chomwe ndaphunzirapo n'chakuti abwana ambiri sakana ukwati. Nawonso ali ndi alongo, nawonso anakhalapo ankhoswe. Chomwe amakana ndi dzenje lomwe munthu akusiya. Wantchito akamafotokoza za mlongo wake, za momwe anamulerera bambo atamwalira, abwana amagwedeza mutu mwaulemu, koma mumtima akufunsa kuti: galimoto ya feteleza ikafika adzatsitse ndani, makiyi adzakhala ndi yani, thumba likasowa ndidzagwira ndani? Pempho lomwe layankhiratu mafunso amenewa lisanafunsidwe kawirikawiri limadutsa. Pempho longonena kukula kwa mwambo limasiya ntchito yonse yoganiza m'manja mwa abwana, ndipo munthu wotanganidwa akapatsidwa ntchito yoganiza, yankho lapafupi kwa iye ndi ayi.

Ndiye ntchito yoyamba si ya kusitolo. Ndi ya kumudzi. Imbirani amalume kapena mayi, muwafunse mosabisa kuti pa sabata imeneyo nkhoswe ikufunika maola ati enieni. Akati sabata yonse, akuwerengera pamodzi kutema nkhuni, kusinja, kumanga chisakasa, kutunga madzi, kuphika thobwa, kubwereka mipando ku tchalitchi. Zonsezi ndi ntchito zenizeni, koma si za nkhoswe. Angazigwire achinyamata a pamudzi, ndipo inu mungathandizepo potumiza ndalama pa foni. Za nkhoswe ndi zomwe wina sangakuimireni: kukumana ndi ankhoswe a kuchimuna kuti mumalize zotsala, kukhalapo pa malangizo a usiku wa Lachisanu, kuimirira ku tchalitchi Loweruka n'kusaina ngati mboni, ndiponso Lamulungu pomwe mphatso ndi ndalama za perekaniperekani zikuwerengedwa pamaso pa mbali zonse ziwiri. Mukaziika motere muona kuti sabata ija yafupika. Zokambirana zina ndi akuchimuna mungazichite Lamulungu lapitalo, tsiku lomwe simugwira ntchito, popeza Domwe ndi Ulongwe ndi boma limodzi la Angoniya ndipo mungapite m'mawa n'kubwerako madzulo.

Tiyerekeze kuti sitolo yanu imatsekula Lolemba mpaka Loweruka. Masiku a ntchito omwe mukufunadi ndi Lachisanu ndi Loweruka. Lamulungu ndi lanu kale. Pamenepa ndikuchenjezeni za Lolemba, chifukwa ndi pomwe ambiri amagwera. Pofuna kuoneka odzipereka amalonjeza kuti Lolemba 7 koloko adzakhala atatsekula. Koma aliyense yemwe anakhalapo nkhoswe akudziwa momwe Lamulungu la pambuyo pa ukwati limayendera. Kuwerenga ndalama kumayamba mochedwa chifukwa azakhali a mkwati sanafike, wa zokuzira mawu akudikira malipiro ake, miphika yobwereka yasowa iwiri, ndipo nkhoswe singanyamuke zinthu zili chomwecho. Dzuwa likalowa, shapa zatha, mwatsala ndi njinga yamoto usiku pa msewu wafumbi, kapenanso wamatope ngati mvula yoyamba yagwa. Choncho pemphani Lachisanu, Loweruka ndi m'mawa wa Lolemba, mulembe kuti mudzakhala pa ntchito 12 koloko masana. Mukafika 8 koloko, abwana adzakumbukira kuti munafulumira. Mukalonjeza 7 koloko n'kufika 10 koloko, adzakumbukira kuti munachedwa, ndipo chikumbukiro chimenecho mudzachipeza chikukudikirani pa Pasaka.

Tsopano mbali ya kusitolo, yomwe ndiyo mtima wa nkhaniyi. Inuyo mukuidziwa ntchito yanu kuposa abwana. Khalani pansi ndi kalendala, muone zomwe zigwera pa masiku amenewo. Kumapeto kwa Okutobala alimi a chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere akukonzekera mvula, ndiye Lachisanu ndi Loweruka anthu adzakhaladi ambiri. Ndi kumapetonso kwa mwezi, nthawi yomwe masitolo ambiri amawerenga katundu. Ngati pali galimoto yomwe ikuyembekezeka sabata imeneyo, funsani msanga kuti ifika liti, ndipo ngati n'zotheka pemphani kuti itsitse Lachitatu kapena Lachinayi inu mulipo. Kulandira katundu ndi ntchito yovuta kusiyira munthu wongogwirizira, chifukwa ndi pomwe matumba ong'ambika, onyowa kapena operewera amazembera m'buku.

Kenako sankhani wogwirizira, koma musamupatse makiyi. Ndikubwereza dala mawu amenewa. Makiyi si anu, ndi a mwini sitolo, ndipo anakupatsani inu ndi dzina lanu. Mukawapereka kwa mnzanu mwa inu nokha, chilichonse chosowa chidzagwera inu, ndipo mnzanuyonso adzakhala pa mpanipani wosadziwa kuti ayankhe kwa yani. Inu lankhulani naye kaye mnzanuyo, mumve ngati akulola, mumuonetse kalembedwe ka buku kwa masiku angapo. Mukatero mukauze abwana kuti: ndaganizira uje, walola, buku akulidziwa, koma mawu omaliza ndi anu. Mwina abwana adzati makiyi asunga okha, wogwirizirayo azingolemba. Zimenezo n'zabwinonso kwambiri kwa inu.

Lachinayi madzulo sitolo itatsekedwa, muwerenge katundu pamodzi ndi wogwirizirayo, mzere ndi mzere, dzanja likukhudza thumba. Tinene kuti mwapeza matumba a yureya a makilogalamu 50 okwana 240, a feteleza wokulitsa 180, ndi mapaketi a mbewu ya chimanga 95. Lembani manambalawo pa pepala limodzi, ndi tsiku ndi ola, musaine nonse awiri, abwana aonepo. Ngati pali matumba awiri ong'ambika omwe munawaika pambali, alembeni pawokha. Ngati pali mlimi yemwe analipira kale matumba 10 koma sanadzatenge, lembani dzina lake ndi nambala ya lisiti, chifukwa anthu otere amakonda kutulukira tsiku lomwe wodziwa nkhani yawo kulibe. Lolemba mukabwerera muwerengenso. Ngati buku likuti yureya watuluka matumba 62, m'nyumbamo muyenera kupezeka 178. Akapezeka 175, aliyense akudziwa kuti atatuwo asowa pakati pa Lachinayi madzulo ndi Lolemba masana, ndipo nkhani yake ifufuzidwa pa malisiti a masiku atatu okha. Popanda pepala lija, matumba atatuwo adzaoneka pa kuwerenga kwa mwezi, ndipo palibe adzathe kunena ngati anasowa inu mulipo kapena mutachoka. Ndaonapo ubwenzi wa anthu awiri ogwira ntchito limodzi ukutha chifukwa cha zoterezi, onse awiri ali osalakwa m'maso mwawo. Kuwerengako mwina kudzakudyerani ola limodzi. Musakuone ngati kukayikira mnzanu, kukuteteza iyenso.

Za foni, nenani zomwe mungakwanitse. Musalonjeze kuti mudzayankha nthawi iliyonse, chifukwa simungatulutse foni muli kutsogolo kwa tchalitchi, ndipo midzi ina netiweki imagwira pachulu pokha. Nenani kuti Lachisanu lonse mungapezeke, Loweruka mudzayang'ana foni m'mawa mwambo usanayambe ndi madzulo ukatha.

Funso lomwe antchito ambiri amaliopa ndi la malipiro, ndipo poliopa amalisiya losakambidwa mpaka tsiku lolandira. Likambeni inu poyamba. Njira zake ndi zitatu, ndipo zonse zimafuna kugwirizana. Abwana angavomereze kujombako osadula kanthu. Angagwirizane nanu kuti masikuwo achotsedwe pa feriya yanu ya pachaka. Kapena angakupatseni masikuwo opanda malipiro. Popeza muli m'chaka chachitatu, lamulo latsopanoli limakupatsani feriya ya masiku 30 pachaka, pomwe wa chaka choyamba amakhala ndi 12. Ngati simunaithe, ineyo ndingakulangizeni kuti mupereke nokha maganizo ochotsa pa feriya. Abwana amamva bwino akaona kuti simukupempha zaulere, ndipo kawirikawiri pa masiku awiri ndi theka ena amangoti pitani, sitidula. Njira yopanda malipiro iwerengereni musanavomere. Ngati mumalandira mametikali 9,000 pa mwezi, tsiku limodzi ndi pafupifupi 300, ndiye masiku awiri ndi theka ndi 750. Sabata yonse yomwe akumudzi akufuna ikanakudyerani 1,800, m'mwezi womwe nkhoswe yatulutsa kale zambiri. Nambala imeneyi ingakuthandizeninso polankhula ndi akwanu.

Pali chinthu chimodzi chomwe sindifuna muchite pofuna kusangalatsa abwana: kulonjeza kuti mudzabweza pogwira ntchito Malamulungu atatu kapena maola a usiku kwaulere. Ntchito ya tsiku lopuma ndi ya maola owonjezera ili ndi malipiro ake m'lamulo. Kusonyeza kuti mumasamala ntchito sikutanthauza kugulitsa ufulu wanu wonse chifukwa cha masiku awiri. Kuwerenga katundu Lachinayi madzulo, kuphunzitsa wogwirizira ndi kubwerera pa nthawi yake n'zokwanira.

Nthawi yokapempha ndi ino. Lamulo limafuna kuti kujomba kodziwikiratu kunenedwe pasadakhale, koma kwa munthu wosunga makiyi m'nyengo ya feteleza, masiku awiri kapena atatu ndi ochepa kwambiri. Ukwati woyera amaulengeza ku tchalitchi milungu ingapo usanachitike, ndiye abwana akadzamva mochedwa adzadziwa kuti inu munadziwa kalekale. Pitani kukadali milungu inayi kapena itatu. Sankhani ola lomwe sitolo ili zii, osati pomwe abwana akuwerenga ndalama kapena akukangana ndi woyendetsa galimoto, ndiponso osati pamaso pa antchito ena, chifukwa pagulu bwana amayankha poganizira onse omwe akumvetsera. Yambani ndi pakamwa, mwaulemu wake, mwina motere:

"Bwana, ndili ndi pempho. Mlongo wanga akumanga ukwati Loweruka lomaliza la mwezi wamawa ku Domwe, ndipo banja landiika kukhala nkhoswe. Ndikudziwa kuti ndi nthawi yotanganidwa. Kwathu amafuna sabata, koma ndakambirana nawo, ndikupempha Lachisanu, Loweruka ndi m'mawa wa Lolemba basi. Ndaganizirapo za makiyi, buku ndi galimoto ya feteleza, ngati mungandilole ndikufotokozereni."

Onani kuti mwatchula kutanganidwa kwa sitolo iwo asanakutchule, ndipo mwaonetsa kuti mbali ya kumudzi yataya kale kanthu. Mawu oti nkhoswe musawasiye. Ngati abwana anu ndi ochokera kwina, monga ku Beira kapena ku Maputo, afotokozereni mwachidule kuti nkhoswe ndi mboni ndiponso woimira banja, ndi amene adzaitanidwe mawa m'banjamo mukabuka nkhani. Kupita ku ukwati ngati mlendo ndi kupita ngati nkhoswe ndi zinthu zosiyana, ndipo bwana ayenera kudziwa chomwe akuyankha.

Akavomera, lembani kalata tsiku lomwelo. Idzakhala m'Chipwitikizi monga mwa masiku onse, yaifupi: dzina lanu ndi ntchito yanu, chifukwa, madeti enieni ndi ola lobwerera, wogwirizira, ndi momwe mwagwirizanirana za malipiro. Makope awiri, abwana asaine onse, imodzi musunge. Pano ndikulankhula ndi chisoni changachanga. Zaka zapitazo mayi wina wa pa ntchito pathu anandipempha pakhonde kuti apite ku ukwati wa mwana wa mchemwali wake. Ndinavomera pakamwa, ndikuthamangira ku msonkhano, ndipo sindinalembe paliponse. Sabata yotsatira ndinadwala. Yemwe anakonza malipiro mwezi umenewo anapeza masiku awiri opanda siginecha m'buku la ofika, n'kuwalemba ngati falita yopanda chifukwa, ndalama n'kudulidwa. Tinakonza mwezi wotsatira, koma mayiyo anali atabwereka kale ndalama ya lendi. Cholakwa chinali changa. Kuyambira pamenepo sindilola munthu kuchoka ndi mawu anga a pakamwa okha, ndipo inunso musachoke ndi mawu a pakamwa a bwana aliyense, ngakhale wabwino mtima chotani.

Nanga akakana? Musatuluke mwaukali, ndipo musayambe kutchula malamulo. Funsani kuti tsiku lomwe likuwavuta kwambiri ndi liti. Nthawi zambiri mupeza kuti vuto lili pa tsiku limodzi. Akati Lachisanu n'losatheka, pemphani kuweruka 12 koloko, mukafikabe ku malangizo. Akati Lolemba, vomerani kuti mudzanyamuka Lamulungu 3 koloko masana zivute zitani, ndipo muuziretu akwanu kuti kuwerenga mphatso kuyambe akangotuluka m'tchalitchi. N'chifukwa chakenso mabanja ambiri amaika ankhoswe awiri, wamkulu ndi wamng'ono. Mnzanuyo angagwire za Lachisanu masana ndi za Lamulungu madzulo, inu n'kusunga Loweruka, lomwe ndi tsiku losasinthanitsika.

Njira ziwiri zachidule zipeweni. Yoyamba ndi kungopita osaloledwa. Kujomba kopanda chifukwa chovomerezeka kumadulitsa malipiro a masikuwo, ndipo kukafika masiku 3 otsatizana kungakutsekulitseni mlandu wa mwambo wa pa ntchito. Yachiwiri ndi kunama kuti kwagwa maliro kapena mwadwala. Ulongwe ndi tauni yaing'ono, alimi a ku Domwe amagula feteleza pa sitolo yanu yomweyo, ndipo zithunzi za ukwati zimayenda pa mafoni dzuwa lisanalowe. Bodza lotere ndi mlandu pa lokha, ndipo kwa munthu wosunga makiyi, kukhulupirika ndiye ntchito yeniyeniyo.

Za Pasaka nkhani yake ndi yosiyana pang'ono. Boma lathu silili pansi pa chipembedzo chilichonse, ndiye Lachisanu Loyera ndi Idi sizili pa mndandanda wa masiku a tchuthi cha dziko. Ngakhale 25 Disembala imalembedwa ngati Tsiku la Banja. Chomwe chimachitika n'chakuti unduna woona za ntchito umalengeza toleransiya, kupatsa Akhristu mpata pa Lachisanu Loyera ndi Asilamu pa Idi. Chilengezocho chimatuluka masiku ochepa chikondwerero chisanafike, chimanena okhudzidwa ndi maola ake, ndipo sichikhudza ntchito zomwe sizingaime, monga za kuchipatala. Muzichimvetsera pa wailesi chaka chilichonse, osadalira za chaka chatha. Toleransiyayo siifikanso pa Lachinayi Loyera, Loweruka la Pasaka, kapena misonkhano ya mpingo ya masiku angapo. Amenewo mupemphe monga tafotokozera za ukwati.

Kusiyana kwake kwina n'kwakuti pa ukwati mukupempha nokha, pomwe pa Pasaka pafupifupi sitolo yonse ikufuna tsiku lomwelo. Pamenepo wopempha yekha mwamseri amabweretsa udani. Khalani pansi antchito nonse kumayambiriro kwa Lenti, mugawane: ena Lachinayi madzulo, ena Loweruka, chaka chamawa musinthane, kenako mukapereke kwa abwana ndondomeko imodzi. Ngati pakati panu pali Msilamu kapena wa Sabata, kusinthana kumaphweka, iye agwire pa Pasaka, inu mudzagwire pa tsiku lake. Pokonza za Idi kumbukirani kuti tsiku lake limatsimikizika mwezi ukaoneka, ndiye polemba muike masiku awiri oyandikana, n'kunena kuti adzatengapo limodzi.